Zithunzi za mapiritsi zochokera ku Joni: kiliniki ingayankhe zotani?

Tiyerekeze bambo wina wa ku Chinamwali, wa zaka 49, amene anapita ku Joni miyezi iwiri yapitayo kukagwira ntchito ya ulonda. Ali ndi matenda othamanga magazi komanso shuga. Pochoka ananyamula mankhwala a miyezi itatu, ndipo tsopano timapepala tayamba kupepuka. Usiku wina akuyala mankhwalawo patebulo, akuwajambula ndi foni, n'kutumiza imelo ku kiliniki ina ya mumzinda wa Zomba kumene ankapimitsa asananyamuke. Mawu ake ndi ochepa: "Adokotala, ndikhulupirira muli bwino. Mankhwala anga atsala pang'ono kutha. Taonani zithunzi zinayizi, mundiuze ofanana nawo kuno kuti ndikagule ku famasi."

Funsoli likuoneka lapafupi, koma mkati mwake muli mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti mankhwala amene bamboyu akumwa ndi ati kwenikweni. Lachiwiri ndi lakuti amene angalowe m'malo mwake ndi ati, ndipo angavomereze kusinthako ndani. Kiliniki ya ku Zomba ingathe kuyankha loyambalo bwino lomwe ngati zithunzi zajambulidwa moyenera. Lachiwirilo ingangothandizapo, siingalitsirize.

Mankhwala aliwonse ali ngati munthu wa maina awiri, lina lomuitanira ku bwalo la mpira, lina la pa chitupa. Dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni nthawi zambiri limakhala lamalonda, limene kampani inasankha yokha. Dzina la pa chitupa ndi lija la zilembo zing'onozing'ono m'munsi mwake, lotchula chinthu chenicheni chimene chimagwira ntchito m'thupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likupereka maina a mtundu wachiwiriwu kuyambira m'zaka za m'ma 1950, cholinga chake n'chakuti wa famasi wa ku Zomba ndi wa ku Johannesburg azimvana. Dzina lamalonda silidalirika munthu akangodutsa malire. Panapezekapo kuti dzina lakuti Dilacor ku America linali la mankhwala otchedwa diltiazem, pomwe ku Serbia dzina lomwelo linali la digoxin, mankhwala ena a mtima amene akachuluka pang'ono chabe m'magazi amavulaza. Ngakhale maina a pa chitupa ali ndi ochepa amene amasiyana: paracetamol wa mu panado ku America amamutcha acetaminophen, ndipo salbutamol wa anthu a mphumu amamutcha albuterol. Ku Joni vuto limeneli ndi lochepa chifukwa maina awo ndi athu amagwirizana.

Nalonso liwu lakuti "ofanana" limanyamula zinthu zitatu zimene odwala amaziphatikiza koma ogwira ntchito m'chipatala amazilekanitsa. Pali mankhwala amene chinthu chake, mphamvu yake ndi kapangidwe ka piritsi n'chimodzimodzi, chasiyana ndi kampani yokha ndi mtundu wa katoni. Amenewa wa famasi amasintha tsiku lililonse popanda vuto. Pali ena amene chinthu chake ndi chomwecho koma mphamvu kapena kasungunukidwe ka piritsi kasiyana, ndipo apa pamafunika kuwerengera. Ndiye pali ena amene ndi mankhwala ena ndithu, kungoti amagwira ntchito yofanana. Kusankha amenewa ndi ntchito ya dokotala amene wamuona wodwalayo ndi maso, wamuyeza magazi. Zithunzi zinayi za bambo wathu zikugwa m'magulu onsewa.

Kapepala ka pulasitiki

Chithunzi choyamba chikuonetsa kapepala ka pulasitiki kaja timalandira pa windo, kokhala ndi zithunzi za dzuwa ndi mwezi. M'kati muli timapiritsi toyera, tozungulira. Pamwamba wina analemba ndi bolopeni "HCT 1x1", ndipo inki yayamba kufufutika chifukwa chokhala m'thumba.

Aliyense amene wagwirapo ntchito m'chipatala cha kuno amadziwa kuti HCT ndi hydrochlorothiazide, piritsi lokodzetsa limene ambiri amayamba nalo akapezeka ndi bipi yokwera. Koma chidulechi n'chakwathu. Kumaiko ena chidule cha mankhwalawa ndi HCTZ, ndipo HCT ena amaiwerenga ngati hydrocortisone, omwe ndi mankhwala ena kotheratu, amene atha kukweza bipi ndi shuga m'malo motsitsa. Ku South Africa zilembo zomwezo zakhala zikugwiritsidwanso ntchito kutanthauza uphungu ndi kuyezetsa HIV. Choncho bambo akangoonetsa kapepalako pa kauntala ku Joni, palibe chitsimikizo chakuti amumva.

Chachikulu chimene chikusowa pa kapepalako ndi mphamvu ya piritsi. Kuno kwathu piritsi lofala la hydrochlorothiazide ndi la mamiligalamu 25, ndipo ena amauzidwa kumwa theka. Ku South Africa m'zipatala zaboma amakonda kupereka la 12.5 mg. "Limodzi patsiku" la ku Zomba likhoza kukhala awiri a ku Joni, kapena likhoza kukhala limodzi ngati bamboyu ankadula pakati. Kuyang'ana piritsilo sikungathetse funsoli. Timapiritsi toyera tozungulira ta kukula komweko tilipo tambirimbiri, ndipo kampani imene yapereka mankhwala ku chipatala chaka chino si imene idzapereke chaka chamawa. Wogwira ntchito wanzeru satchula dzina la piritsi lotayirira chifukwa cha maonekedwe ake pa chithunzi, ngakhale atalidziwa motani. Amapempha tsamba la m'buku la kuchipatala.

Bukulo, limene ena amati pasipoti ya zaumoyo, ndilo lofunika kuposa zithunzi zonse za mapiritsi, koma ndi limene anthu ambiri amaiwala kujambula, ena amalisiya kumudzi. M'menemo mumalembedwa mwachidule: od ndi kamodzi patsiku, bd ndi kawiri, tds ndi katatu, nocte ndi usiku pogona. Manambala ngati 5/7, 2/52 ndi 1/12 satanthauza magawo a piritsi. Oyambawo ndi masiku asanu, achiwiriwo masabata awiri, omalizawo mwezi umodzi. Pa chithunzi chosaoneka bwino 1/12 amafanana kwambiri ndi 1/2, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti anauzidwa kumwa theka pomwe adokotala ankanena kuti mankhwalawo ndi a mwezi wathunthu. M'buku la bambo wathu mwalembedwa 25 mg od, ndiye chithunzi choyamba chamasulidwa.

Chithunzi chachiwiri ndi cha mapiritsi omatidwa m'kachitsulo kopyapyala, koma bambo anajambula mbali ya matuza, kumene mapiritsi amaonekera. Dzina lili kuseri. Atapemphedwa kutembenuza, anajambula ndi kuwala kwa foni kutayatsidwa, ndipo siliva anangonyezimira n'kubisa zilembo. Njira yake ndi kujambula masana pafupi ndi zenera, kuwalako kutazimitsidwa, foni itapendekeka pang'ono, kenako kukulitsa chithunzicho ndi zala kuti muone ngati inu nomwe mungawerenge nambala yaing'ono kwambiri. Pazioneka dzina, mphamvu, kampani, ndi tsiku lothera lolembedwa pafupi ndi zilembo EXP. Ngati mapiritsi ambiri anatuluka kale ndipo siliva anang'ambika pa dzina, jambulani kachitsulo kena kosayamba.

Kuseriko kwalembedwa amlodipine besilate, mankhwala enanso a bipi, ndipo m'munsi akuti ndi wofanana ndi amlodipine 5 mg. Makatoni ena amaonetsa manambala awiri, 6.9 ndi 5, ndipo anthu amada nkhawa kuti apatsidwa amphamvu kwambiri. Nambala yaikuluyo ndi kulemera kwa mankhwala pamodzi ndi mchere umene anawamangira kuti akhale piritsi, yaing'onoyo ndiyo mankhwala enieni, ndipo ndi imene madokotala amawerenga. Kampani ina imagwiritsa ntchito maleate m'malo mwa besilate, koma 5 mg ndi 5 mg. Ku Joni angakumane ndi maina ngati Amloc kapena Norvasc, ndipo onsewo ndi amlodipine. Pa mankhwala anayi aja, awa okha ndi amene yankho lake ndi losavuta.

Shuga, ndi botolo limene silinajambulidwe

Chithunzi chachitatu ndi katoni ya metformin 500 mg, ndipo buku likuti limodzi m'mawa, limodzi madzulo, pamodzi ndi chakudya. Ku South Africa mankhwalawa amapezeka m'mphamvu za 500, 850 ndi 1000 mg, ndipo dzina lamalonda lodziwika ndi Glucophage. Bambo akapatsidwa a 850 n'kupitiriza chizolowezi chake cha limodzi m'mawa limodzi madzulo, achoka pa 1000 mg patsiku kufika pa 1700 mg osadziwa kuti chasintha n'chiyani. Palinso mtundu wina wokhala ndi zilembo XR kumapeto kwa dzina. Piritsi limeneli linapangidwa kuti lizitulutsa mankhwala pang'onopang'ono, nthawi zambiri limamwedwa kamodzi ndi chakudya chamadzulo, ndipo siliyenera kutafunidwa kapena kuphwanyidwa. Zilembo ngati XR, SR, MR ndi XL, kapena liwu lakuti retard, zikakhala pa katoni imodzi koma osakhala pa inzake, mankhwalawo sanafanane mokwanira kuti munthu asinthe yekha. Amene amamwa mankhwala a bipi otchedwa nifedipine ayenera kusamala kwambiri pamenepa, chifukwa wosungunuka msanga amagwetsa bipi mwadzidzidzi.

Mpaka pano nkhaniyi ndi yowerenga zilembo. Koma adokotala a ku Zomba atsegula fayilo ya bamboyu, ndipo akuona chinthu chimene imelo sinatchule. Bambo amamwa ma ARV. Botolo lake sanalijambule, mwina chifukwa amawatenga ku kiliniki ina ndiye amawaona ngati nkhani yapadera, mwinanso chifukwa foni amabwerekana ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo n'zomveka, koma pa mankhwala a shugawa kubisako kuli ndi mtengo wake.

Akuluakulu ambiri ku Malawi kuyambira 2019 anasinthidwa kupita ku piritsi limodzi lokhala ndi mankhwala atatu, limene pa khadi limalembedwa 13A. Nambala imeneyi ndi ya m'ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo wa kuno basi. Namwino wa ku Johannesburg akamva 13A sadziwa kuti n'chiyani. Iye amadziwa TLD, ndipo ndi piritsi lomwelo: tenofovir 300 mg, lamivudine 300 mg ndi dolutegravir 50 mg. Maina atatuwa ali pa botolo, n'chifukwa chake chithunzi cha botolo chimathandiza kuposa cha khadi. Amene ali ku Ulaya akaona tenofovir disoproxil 245 mg asaganize kuti achepetseredwa. Ndi nkhani ija ya mchere, 245 yawo ndi 300 yathu.

Dolutegravir amachedwetsa impso kutaya metformin, moti mankhwala a shugawa amachuluka m'magazi ndi pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Pachifukwa chimenechi malangizo a ku South Africa amati munthu amene ali pa dolutegravir asapitirire 500 mg kawiri patsiku, ndipo bambo wathu ali kale pa malire amenewo. Tsono taganizirani dokotala wa ku Joni amene sanauzidwe za ma ARV. Wayeza shuga, wapeza kuti wakwera pang'ono chifukwa cha buledi ndi zakumwa zotsekemera za pa ntchito ya usiku, ndipo wachita chimene aliyense angachite: wakweza metformin kufika pa 850 mg kawiri kapena katatu patsiku. Choyamba kuoneka ndi kutsegula m'mimba, nseru ndi kusafuna chakudya. Zimenezi zikafika pomuumitsa madzi m'thupi, kapena impso zikakhala kuti zinali kale zofooka, pamakhala ngozi ina yosachitika kawirikawiri koma yoopsa, ya asidi wochuluka m'magazi, imene imadziwika ndi kupuma mofulumira ndi mozama, kufooka kwambiri, kusanza ndi kuwawa kwa minofu. Zikatero ndi zothamangira kuchipatala usiku womwewo. Dokotalayo sanalakwitse kuwerenga chithunzi chilichonse. Anangopatsidwa zithunzi zosakwanira.

Chithunzi chachinayi ndi cha bufeni, amene bambo amamwa msana ukawawa chifukwa choima usiku wonse. Dzina lake la pa chitupa ndi ibuprofen, ndipo ku Joni amagulidwa popanda kalata ya dokotala, ndiye funso la "wofanana naye" ndi lopepuka. Komabe yankho labwino apa si kutchula dzina. Bufeni ndi abale ake monga indomethacin ndi diclofenac amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amakweza bipi, amafooketsa mphamvu ya piritsi lokodzetsa lija, ndipo amachepetsa magazi opita ku impso. Mwa munthu amene ali ndi shuga, bipi, komanso akumwa tenofovir, amene naye amafuna impso zoyang'aniridwa, kumwa bufeni tsiku ndi tsiku ndi kusenzetsa impso katundu wachinayi. Adokotala angamuuze kuti ayambe ndi panado, dzina limene ku Joni kulinso: awiri a 500 mg nthawi imodzi, motalikirana maola anayi kapena asanu ndi limodzi, osapitirira asanu ndi atatu patsiku. Amukumbutsenso za ufa wa mutu wotchuka kumeneko, Grand-Pa, kuti muli aspirin, paracetamol ndi caffeine, choncho wakumwa ufawo pamwamba pa panado akuwirikiza paracetamol, ndipo aspirin wa mmenemo ali m'banja limodzi ndi bufeni.

Zimene kiliniki ya ku Zomba ingalembe

Isanayankhe chilichonse, kiliniki iyenera kutsimikiza kuti wolembayo ndi mwini fayilo. Tsiku lobadwa ndi nambala ya fayilo zimathandiza, ndipo kuimbirana foni kwa mphindi ziwiri kumathandiza koposa, makamaka pamene yankho litchula za HIV. Imelo ya abwana kapena ya kampani si malo otumizirako zoterezi. Wodwala atumize kuchokera pa imelo yakeyake, ndipo anene ngati pali wina amene amatsegula foni yake.

Chimene kiliniki siingachite ndi kulemba kalata yokagulira mankhwala ku Joni. Dokotala wa ku Zomba analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo chilolezo chake chimathera pa malire a dziko lino. Ku South Africa mankhwala anaikidwa m'magulu, ndipo gulu limasindikizidwa pa katoni. A bipi ndi metformin ali mu S3, ma ARV ali mu S4, ndipo onsewa famasi imapereka pokhapokha pali kalata ya dokotala kapena namwino wovomerezeka kumeneko. Malo amene akugulitsa mankhwala amenewa popanda kufunsa kalata ndi oyenera kuwakayikira, chifukwa amene salabadira lamulo limenelo salabadiranso kumene mankhwalawo achokera. Choncho pempho la bambo lakuti "ndikagule ku famasi" silingatheke momwe analiganizira. Ayenera kukaonana ndi wachipatala kaye.

Thandizo lenileni lochokera ku Zomba ndi kalata yachidule, ya tsamba limodzi, ya m'Chingerezi, yokhala ndi chidindo, imene bambo angapite nayo ku kiliniki ya kumene akukhala. Mtima wa kalatayo ndi mizere inayi yolembedwa popanda chidule chakwathu:

```
hydrochlorothiazide 25 mg, 1 od
amlodipine 5 mg, 1 od
metformin 500 mg immediate release, 1 bd
tenofovir DF 300 / lamivudine 300 / dolutegravir 50 mg, 1 od
```

Pansi pake pabwere matenda amene mankhwala aliwonse akuchiza ndi chaka chimene anayamba kumwa, bipi ndi shuga wa maulendo awiri kapena atatu omaliza, zotsatira za kuyeza impso ndi tsiku lake, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi pamene anayezedwa komaliza, ndi mankhwala amene anamuwengapo. Mfundo yomalizayi anthu amaipeputsa. Munthu amene anatuluka zidzolo ndi zilonda m'kamwa atamwa bakitilimu ayenera kudziwa kuti dzina lake lina ndi co-trimoxazole, chifukwa akhoza kupatsidwa omwewo m'katoni ya dzina lachilendo. Pa ma ARV pamafunikanso kalata yosamutsira wodwala, yochokera ku kiliniki imene amalandirirako, kaya ndi ku Tisungane pa Zomba Central Hospital, ku Matawale kapena kwina. Kalata imeneyi ndi bwino kuitenga musananyamuke. Ngati mwapita kale, musadikire kuti ifike mapiritsi akutha. Botolo ndi chithunzi cha khadi n'zokwanira kuyambira kukambirana ndi namwino.

Wodwala naye ali ndi gawo lake mu imelo. Zithunzi pazokha sizinena mmene munthu akumwera, ndipo zimene zinalembedwa m'buku si nthawi zonse zimene zikuchitika. Wa ntchito ya usiku mwina anasamutsa piritsi lokodzetsa kupita madzulo, kapena amalidumpha tsiku limene akwera takisi ulendo wautali. Zimenezi zilembedwe mosabisa, chifukwa dokotala akaona bipi ya 160/100 mwa munthu amene akuti amamwa tsiku lililonse amawonjezera mankhwala, pomwe akanadziwa kuti amadumpha akanayamba ndi kukonza nthawi yomwera. Maina a mankhwala alembedwenso ndi zala m'kalatamo, chilembo ndi chilembo monga ali pa katoni, kuti chithunzi chikakana kutseguka uthenga usafe. Mankhwala azitsamba, mavitamini ndi ufa wa chilungulira nazonso zitchulidwe. Ufa wa chilungulira ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena olimbitsa mafupa amagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe bwino m'thupi akamwedwa nthawi imodzi, ndipo pamafunika kusiyanitsa maola.

Pomaliza penipeni pa imelo pakhale chiwerengero cha mapiritsi otsala. Bambo wathu atawerenga anapeza hydrochlorothiazide 26, amlodipine 24, ma ARV 28, koma metformin 30. Poyang'ana mulu, metformin ndiye akuoneka wambiri, koma pakumwa awiri patsiku ndi wa masiku 15 okha, ndipo ndi amene ayambe kutha. Masiku amenewo ndiwo nthawi imene ali nayo yopezera kiliniki, kupempha tsiku lopuma kwa abwana, kuyezedwa magazi ndi kudikira zotsatira. Imelo yotere ndi yofunika kuilemba kutatsala mwezi, osati sabata. Ndipo imelo si ya zinthu zadzidzidzi: mutu waukulu ndi maso kuchita chidima, kupweteka pachifuwa, dzanja kapena mbali ya nkhope kufooka, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo. N'chimodzimodzi kutentha thupi patangopita masabata ochepa munthu atachoka ku Zomba. Ku Johannesburg malungo si ofala, ndiye namwino sangawaganizire msanga ngati simunanene kumene mwachokera, ndipo LA wotsala wa m'chikwama, amene kwa wamkulu amafunika mapiritsi 24 athunthu m'masiku atatu, salowa m'malo mwa kuyezetsa.

Ambiri akamva zonsezi amasankha njira ya basi. Mayi kunyumba amapita ndi buku kukatenga mankhwala, n'kupatsira munthu wodutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Kwa mwezi umodzi, podikira kulembetsa ku kiliniki yatsopano, njirayi ingapulumutse munthu kuti asadukize mankhwala, ngakhale phukusi litha kugwidwa pa malire ngati lilibe kalata, ndiponso mapiritsi ambiri amafuna kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 30, zimene pansi pa basi m'chigwa cha Tete mu Okotobala n'zovuta kulonjeza. Vuto lalikulu limabwera njirayi ikakhala ya chikhalire. Mankhwala amayenda, koma mkono woyezedwa bipi ndi magazi oyezedwa impso zimatsala ku Joni, ndipo buku limangodzaza ndi masiku olandirira popanda nambala ngakhale imodzi ya mwini wake. Munthu amatha zaka ziwiri pa mlingo umene unali woyenera pamene ankachoka.

Ngozi ina imadikira pa tsiku limene zonse zayenda bwino. Bambo wapita ku kiliniki, walandira mankhwala atsopano, koma m'chikwama muli akale a masiku khumi. Makatoni atsopanowo maina ake ndi achilendo, mapiritsi ake ndi a mtundu wina, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti ndi owonjezera. Akamwa Amloc pamodzi ndi amlodipine wa ku Zomba, wafika pa 10 mg, ndipo pakatha masiku angapo akakolo amatupa, mutu umawawa, nkhope imatentha. Chobisika kwambiri ndi mapiritsi ophatikiza, amene maina awo amakhala ndi Co kapena Plus. Ambiri a bipi a mtundu umenewu ali kale ndi hydrochlorothiazide m'kati. Wowamwa pamodzi ndi timapiritsi toyera ta m'kapepala kaja amakodza pafupipafupi, amachita chizungulire akamadzuka pampando, miyendo imakokana usiku, ndipo mchere wa m'magazi ukhoza kutsika mpaka kumusokoneza mutu.

N'chifukwa chake pa ulendo woyamba bambo anyamule mankhwala akale onse, ndi botolo lija lomwe, awayale pa tebulo la namwino kapena wa famasi pafupi ndi atsopano, ndipo afunse limodzilimodzi kuti ili lalowa m'malo mwa liti. Pa katoni iliyonse yatsopano alembe ndi bolopeni dzina la akale amene yawalowa m'malo, ndi tsiku loyambira. Ngati auzidwa kuti atsirize akale kaye, atsopanowo akhale m'chikwama osatsegulidwa kufikira tsiku limenelo. Ngati auzidwa kuyamba atsopano mawa, akalewo awasiye pa famasi pomwepo.